“Tigawane mitu”: uthenga umene umamanga kapena kupasula gulu lowerenga

Mayeso a moko akangodutsa, m'masukulu a sekondale mumayamba kuyenda mauthenga ofanana. Wina amalemba pa foni yobwereka kwa achimwene ake, wina pa kapepala kothothola m'kope, koma mawu ake ndi amodzimodzi: “Anzanga, nthawi yatha. Tiyeni tigawane mitu, aliyense awerenge wake, kenako tidzafotokozerane.” Palibe amene amakana. Tsiku loyamba onse amabwera, makope m'manja. Pofika sabata yachitatu awiri asiya, mmodzi akubwera chimanjamanja, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene amakhoza kwambiri m'kalasi wasanduka mphunzitsi wosalipidwa, anzake akungogwedeza mitu pansi pa mtengo wa mango.

Anthu amafulumira kunena kuti ndi ulesi. Nthawi zambiri vuto limakhala mu uthenga woyamba uja. Uthengawo wagawa ntchito yolakwika. Wagawa kudziwa, ngati kuti wina akadziwa za impso, winanso za mtima, ndiye kuti gulu lonse ladziwa. Koma bungwe la MANEB silipereka satifiketi ya MSCE kwa gulu. Aliyense amalowa m'chipinda cha mayeso yekha, ndi nambala yake, ndipo pepala limamufunsa mitu yonse, kuphatikizapo imene anaisiyira mnzake. Chimene gulu lingagawane bwino ndi ntchito yokonza mafunso ndi mayankho ake. Kuyankha n'kwa aliyense.

Ganizo logawana phunziro silachilendo. Mu 1971, katswiri wa kaganizidwe ka anthu Elliot Aronson anayesa njirayi m'masukulu a mumzinda wa Austin, ku Texas m'dziko la Amereka. Nthawi imeneyo ana achizungu, achikuda ndi a mabanja olankhula Chisipanishi anali atangowaphatikiza m'makalasi amodzi, ndipo sankamvana. Aronson ankadula phunziro m'zigawo, mwana aliyense n'kupatsidwa chigawo chimodzi choti akaphunzitse anzake a pagulu. Chimene ambiri amaiwala ndi chakuti pamapeto mwana aliyense ankalemba mayeso a phunziro lonse payekha. Mayeso amenewo ndi amene ankachititsa kuti mwana atchere khutu mnzake akamalankhula. Magulu athu ambiri anatola kugawanako, mayesowo n'kuwasiya.

Tiyerekeze tsopano ophunzira asanu ndi mmodzi a Fomu 4 pa sukulu yoyendera. Kwatsala masabata 8 kuti alembe, ndipo phunziro limene lawasautsa pa moko ndi Bayoloje. Mmodzi mwa iwo akhoza kulembera anzake motere:

“Anzanga, kwatsala masabata 8. Ndikuganiza kuti tiyambe ndi Bayoloje yokha. Tizikumana Lachitatu tikaweruka ndi Loweruka 8 koloko m'mawa, m'kalasi mwathu, kwa ola limodzi ndi theka. Ndalemba mitu 12 ya Fomu 3 ndi Fomu 4 imene inatigwetsa pa moko. Aliyense atenga iwiri, wina wolemera wina wopepuka, ndipo tichita maere Lachitatu likubwerali.

“Mwini mutu sabwera kudzatiphunzitsa. Abwera ndi mafunso 10 a m'Chingerezi, atatu mwa iwo ochokera m'mapepala akale a MANEB, ndi mayankho ake pa pepala lapadera, yankho lililonse ndi tsamba la buku limene walitenga. Enafe tiziwerenga mutuwo tisanabwere. Tikafika, makope otseka, aliyense alemba yekha. Tikatero tisinthana mapepala n'kuchongerana. Funso limene atatu kapena kuposa alilakwa tilikambirana, ndipo lidzabweranso tsiku lina. Tikatsutsana pa yankho, tikafunsa aphunzitsi. Amene sangathe masiku amenewa anene pofika mawa madzulo.”

Uthengawu ndi waufupi, koma chiganizo chilichonse chikutseka khomo limene magulu amathawira. Masamu ake ndi osavuta. Kukumana kawiri pa sabata kwa masabata 8 ndi maulendo 16. Mitu 12 itenga maulendo 12, ndiye kuti masabata 6. Maulendo anayi otsalawo ndi a mapepala athunthu. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi gulu lidzakhala ndi mafunso 120 okhala ndi mayankho ake, pomwe munthu aliyense wakonza 20 okha. Phindu la kugawana lili pamenepa.

Maere aja si masewera. Mukawauza ophunzira kuti aliyense asankhe yekha, wochenjera amathamangira mutu umene amaudziwa kale, ndipo mitu yoopedwa, monga ya kutengera kwa makolo imene m'kalasi amati jenetikisi, imagwera amene anachedwa kuyankha uthenga. Komanso mitu sifanana kulemera. Kayendedwe ka magazi kali ndi mtima, mitsempha, magazi enieniwo ndi matenda ake, pamene mutu wina munthu akhoza kuumaliza madzulo amodzi. N'chifukwa chake gulu limayamba laika mitu m'milu iwiri, yolemera ndi yopepuka, aliyense n'kutola kapepala kamodzi pa mulu uliwonse. Wina akagweredwa ndi mutu umene amauopa, palibe chodandaula. Kukonza mafunso khumi ndi mayankho ake kumamukakamiza kuuwerenga mozama kuposa mmene akanachitira payekha.

Nanga bwanji mwini mutu asayambe wafotokoza? Apa m'pamene anthu ambiri amatsutsa, ndipo kutsutsa kwawo n'komveka, chifukwa kumvera munthu wofotokoza bwino kumakoma. Mutu umamveka wopepuka, ndipo womvera amapita kwawo akudzimva kuti wadziwa. Tsoka lake n'lakuti kumva kuti wadziwa ndi kudziwa ndi zinthu ziwiri, ndipo pali kafukufuku amene anazilekanitsa poyera.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo. Anapatsa ophunzira a payunivesite nkhani zazifupi, ina yonena za dzuwa, ina ya akatumbu a m'nyanja. Ena anawerenga nkhaniyo mobwerezabwereza m'magawo anayi a mphindi zisanuzisanu. Ena anaiwerenga m'gawo limodzi lokha, kenaka katatu konse anapatsidwa pepala lopanda kanthu kuti alembe zonse zimene akukumbukira. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga anapambana: anakumbukira mfundo 83 pa 100 zilizonse, anzawo aja 71. Atawayesa patapita sabata, zinthu zinatembenuka. Obwereza kuwerenga anatsikira pa 40, pamene odziyesa anali pa 61. Chochititsa chidwi n'chakuti atafunsidwa kuti akuganiza kuti adzakumbukira zochuluka bwanji sabata ikatha, obwereza kuwerenga aja ndi amene anali ndi chidaliro chachikulu.

Wophunzira wa Fomu 4 amene amagona 12 koloko usiku akuyenda ndi chala m'manotsi ali m'gulu loyambalo. Akaona tsamba amalizindikira, n'kuganiza kuti lili m'mutu. Pa tsiku la mayeso tsambalo palibe, pali funso ndi mizere yopanda kanthu. Ntchito yotulutsa yankho m'mutu popanda chothandizira ndi imene imalimbitsa chikumbumtima cha phunziro, ndipo ndi ntchito yomweyo imene mayeso amafuna. Ndiye kufotokoza kwa mwini mutu kulipo ndithu, koma kumabwera pambuyo, anthu ataona okha pamene agwa. Munthu amene wangolakwa funso amamvetsera mwa mtundu wina.

Mawu akuti “aliyense alemba yekha” nawonso ali ndi chifukwa chake. Magulu ambiri amafunsana pakamwa: wina amawerenga funso, amene akudziwa amayankha msanga, ena n'kunena kuti “eya, inenso ndimafuna kunena zomwezo”. Mwina n'zoona, mwina ayi, ndipo palibe njira yodziwira. Pa funso lililonse amene wagwira ntchito ndi mmodzi, anayi angomva. Palinso china. Mu 1997, Mary Weldon ndi Krystal Bellinger anaonetsa kuti anthu atatu akamakumbukira zinthu pamodzi mokweza mawu, amatulutsa zambiri kuposa munthu mmodzi, koma zochepa kuposa zimene atatu omwewo akanatulutsa aliyense atalemba payekha n'kuziphatikiza. Mnzako akayamba kulankhula amakudula njira imene maganizo ako amayendamo. Choncho gulu likhale chete poyamba, phokoso libwere zolembera zitaikidwa pansi.

Ola ndi theka lija limagawika motere. Mphindi 15 zoyambirira ndi za mafunso asanu akale. Mphindi 25 zotsatira ndi za mafunso khumi atsopano. Kuchongerana kumatenga mphindi 20, kukambirana zolakwika mphindi 20 zinanso, ndipo 10 zomaliza ndi zolemba mafunso amene avuta ndi kukumbutsana mutu wa ulendo wotsatira. Pamafunika wosunga nthawi, ndipo asakhale mwini mutu, chifukwa munthu akayamba kufotokoza zimene wazivutikira saona wotchi.

Chimene chimasiyanitsa gulu lopindula ndi longotaya nthawi ndi mtundu wa mafunso. Titenge mtsikana amene watola kayendedwe ka magazi. Funso losavuta kukonza ndi lakuti mtima uli ndi zipinda zingati. Onse alemba kuti zinayi, onse akhoza, ndipo palibe chimene aphunzirapo. Funso lotere likhalepo limodzi kapena awiri, kuti anthu atenthetse dzanja. Funso la nyama ndi ili: n'chifukwa chiyani khoma la chipinda chakumunsi chakumanzere, ventiriko yakumanzere, ndi lokhuthala kuposa la chakumanja? Pamenepa woloweza amaima. Yankho lake lili ndi mbali ziwiri, ndipo mwini mutu azilembe padera, iliyonse ndi malikisi ake. Chipinda chakumanzere chimapopa magazi kupita m'thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi, motero chimafuna minofu yamphamvu yoti ikankhe magazi mwamphamvu. Chakumanja chimangowatumiza kumapapo, omwe ali pafupi ndipo timitsempha take tosalimba sitifuna kukankhidwa kwambiri. Amene walemba kuti “chifukwa chimagwira ntchito yambiri” sanafike, ndipo wochonga asamumvere chisoni.

Mawu oyambira funso atengedwe m'mapepala akale. Funso loti munthu atchule limafuna mawu ochepa, loti afotokoze mmene chinthu chimachitikira limafuna ndondomeko, loti apereke chifukwa limafuna mawu akuti “chifukwa” aoneke m'yankho. Ophunzira ambiri amataya malikisi osati posadziwa mutu, koma poyankha funso limene sanafunsidwe. Za chiyankhulo nazo uthenga uja wanena mwadala. Kukambirana kukhoza kuchitika m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndipo nthawi zambiri mfundo imalowa bwino choncho. Koma Bayoloje imalembedwa m'Chingerezi, ndiye funso ndi yankho lolembedwa zikhale m'Chingerezi, ndi masipelo ake omwe.

Tsopano tione pamene gulu lingadzipweteke lokha. Mtsikana uja wafunsa kusiyana kwa mitsempha ya atare ndi ya veyini. Pa pepala lake la mayankho walemba kuti atare imanyamula magazi okhala ndi okisijeni, veyini imanyamula opanda okisijeni. Ambiri amaloweza choncho, ndipo kwa mitsempha yambiri n'zoona. Koma si tanthauzo lake. Atare ndi mtsempha wochotsa magazi kumtima, veyini ndi wobwezera magazi kumtima. Atare yopita kumapapo imanyamula magazi okhala ndi okisijeni wochepa, ndipo maveyini ochokera kumapapo amabwera ndi magazi odzaza okisijeni. Ngati palibe wotsutsa, anthu asanu ndi mmodzi achoka pamalopo ndi bodza limodzi, ndipo popeza analilemba, kulichonga ndi kulibwereza, lakhazikika kuposa mmene likanakhalira munthu atangoliwerenga. Kufunsana kumalimbitsa cholakwika mofanana ndi cholondola.

Lamulo la tsamba la buku lilipo chifukwa cha zimenezi. Yankho lililonse likhale ndi kumene lachokera, ndipo kukhale buku lovomerezeka la sukulu, osati manotsi okopera kwa mnzako amene nayenso anakopera kwa wina, kapena timapamfuleti togulitsidwa pamsika topanda dzina la wolemba. Wina akakayika, buku litsegulidwe pompo. Buku likapanda kuthetsa mkangano, funsolo lilembedwe kuti likafike kwa aphunzitsi. Gulu lisaweruze pokweza manja, chifukwa pa nkhani ya atare ija ochuluka akanavotera yankho lolakwika. Aphunzitsi ambiri amene sangapeze ola lathunthu amapeza mphindi zisanu za funso limodzi lolembedwa bwino.

Kuchongerana kumafuna kulimba mtima pang'ono. Mnzako wapamtima ukamuchongera, dzanja limafewa: “ndikudziwa chimene umafuna kunena.” Wochonga wa MANEB sakudziwa chimene munthu amafuna kunena, amaona chimene chili papepala. Njira yosavuta ndi yakuti mapepala azizungulira, lero kumanja, ulendo wina kumanzere, kuti awiri asazolowerane. Ndipo malikisi a munthu asalengezedwe. Chowerengedwa pagulu ndi funso: lachitatu alakwa angati? Manja anayi. Lachisanu ndi chiwiri? Dzanja limodzi. Pamenepo gulu ladziwa kuti mphindi 20 zokambirana zipite ku funso lachitatu, ndipo wa dzanja limodzi uja athandizidwa ndi mwini mutu potuluka. Mukayamba kulengeza kuti uje wapeza 4, uje 22, wofooka sabweranso Loweruka, chonsecho ndi amene gululi likanamuthandiza kwambiri.

Mafunso asanu akale aja ndi amene magulu amayamba kuwadumpha nthawi ikachepa, ndipo kutero n'kutaya chinthu chamtengo. Hermann Ebbinghaus wa ku Jeremani anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu waphunzira zimaiwalika mofulumira m'maola ndi masiku oyambirira, kenaka kuiwalako kumachepa liwiro. Mutu wa impso umene gulu linaukhoza bwino sabata yoyamba, likausiya osaukhudza, pofika tsiku la mayeso udzakhala utazilala. Mankhwala ake ndi kuubweza pang'onopang'ono, patapita masiku. Funso lililonse lilembedwe pa kapepala kake, yankho kuseri, ndipo timapepalato tisungidwe m'maenvulopu awiri, ina ya ovuta, ina ya amene onse anakhoza. Pa ulendo uliwonse wosunga nthawi atulutse atatu mu envulopu ya ovuta ndi awiri mu inayo, osasankha mutu. Funso lovuta likakhozedwa ndi onse maulendo awiri, lisamukire ku envulopu inayo. Kusakaniza mitu kumasokoneza poyamba, za impso kenaka za masamba kenaka za mtima, koma pepala lenileni limabwera chomwecho.

Dongosololi lili ndi malire ake. Limagwira bwino pa Bayoloje, Agirikacha, Jogalafe ndi Histole, kumene mfundo zofunika kuzikumbukira ndi zambiri. Pa Masamu, mafunso khumi pa mphindi 25 ndi ochuluka. Anayi kapena asanu akwana, ndipo wochonga aone njira yonse, mzere ndi mzere, osati yankho lomaliza lokha. Chimangirizo cha Chingerezi kapena cha Chichewa anzako akhoza kukuuza ngati chikumveka, koma kuchipatsa malikisi n'kwa aphunzitsi. Ndipo pepala la pulakitiko silikonzekeredwa ndi pakamwa. Munthu akhoza kuyankha bwinobwino kuti ayodini akagwera pa sitachi amasanduka wabuluu woderako, koma ngati sanagwirepo botolo n'kudontheza yekha pa kachidutswa ka mbatata, manja adzanjenjemera. Gulu lingathe kupempha limodzi kuti aphunzitsi awatsegulire labu, ngati ilipo.

Tsiku ndi malo, zimene zimaoneka zazing'ono mu uthenga, n'zimene zimaphetsa magulu a sukulu zoyendera. Mayeso a MSCE amalembedwa nyengo yozizira, chapakati pa chaka, pamene dzuwa limalowa msanga. Kukumana kwa Lachitatu kukayamba mochedwa, mtsikana wokhala kutali ayenda mumdima, ndipo makolo ake amuletsa. Akatero sadzanena kuti waletsedwa, adzangosiya kubwera. N'chifukwa chake uthenga wabwino umatchula ola loyambira ndi lothera, umasankha malo amene makolo angawavomere monga kalasi kapena tchalitchi, ndipo umapereka mpata woti wina anene kuti sangathe. Foni ikhoza kunyamula uthengawo, koma dongosolo lisadalire foni, popeza mwa asanu ndi mmodziwo mwina awiri okha ndi amene ali nayo, ndipo bandulo imatha.

Za wobwera wopanda mafunso zikambidwe tsiku loyamba, monga amachitira amayi a banki m'khonde, amene amagwirizana za chindapusa ndalama isanalowe m'bokosi. Pano chindapusa cha ndalama n'chosafunika. Chokwanira ndi chakuti mafunso aperekedwe kwa wosunga nthawi tsiku limodzi kukumana kusanachitike, kuti mwini mutu akadwala kapena kukagwa maliro, gulu lisakhale manja lende. Wolephera kawiri popanda chifukwa, mutu wake upite kwa wina.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti zinthu zayamba kupotoka. Ngati onse akupeza pafupifupi malikisi onse ulendo uliwonse, mafunso ndi ofewa kapena ochonga ndi achifundo. Ngati envulopu ya ovuta ikungonenepa osachepako, gulu likuthamangira mitu yatsopano osabwerera m'mbuyo, ndipo ndi bwino kuimitsa mutu umodzi kuti tsiku lonse likhale la mafunso akale. Ngati munthu mmodzi ndi amene akulankhula theka la nthawi, gulu labwerera ku mtengo wa mango kuja. Ndipo wina akabwera ndi pepala limene akuti ndi “lenileni la chaka chino”, limenelo ndi likasa. Nthawi zambiri limakhala labodza, ndipo likakhala loona ndi mlandu umene ungachititse kuti zotsatira za munthu zifafanizidwe.

Masabata awiri omaliza umwini wa mitu umatha. Gulu limatenga pepala lathunthu la chaka china limene palibe analionapo, ndipo masiku amenewa ola ndi theka silikwana, kukumana kumatalika molingana ndi nthawi yolembedwa pachikuto cha pepalalo. Asanayambe, agawe nthawiyo ndi malikisi: pepala la malikisi 100 la maola awiri likutanthauza mphindi imodzi ndi masekondi 12 pa malikisi amodzi, ndiye funso la malikisi 5 lisadye mphindi zoposa 6. Alembe atakhala motalikirana, wotchi ili kutsogolo, popanda kufunsana ngakhale tanthauzo la liwu. Ulendo wotsatira ndi wochonga ndi kukambirana, kenaka pepala lachiwiri chimodzimodzi. Mafunso otsala mu envulopu ya ovuta aliyense awakopere m'kope mwake, popanda mayankho, kuti masiku otsalawo azidziyesa yekha kunyumba.